Lipoti la Odita Jenerale: musamangowerenga tebulo la kutsogolo

Chaka chilichonse lipoti la Odita Jenerale likatuluka, mu Lusaka muno timatola nambala imodzi yaikulu n'kuyamba kufuula m'maminibasi ndi pa wailesi kuti "aba zonsezi!" Ine mkwiyowo ndimaumvetsa, koma abale anga, ambiri timalekera pa tsamba lachidule, pomwe nyama ili m'kati.

Malamulo a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amati lipotili lifike kwa Pulezidenti ndi ku Nyumba ya Malamulo pasanathe miyezi 9 chaka cha ndalama chitatha. Chaka chathu chimatha pa 31 Disembala, ndiye kumapeto kwa Seputembala liyenera kukhala litatuluka. Kutsogolo kuli chidule ndi tebulo la zolakwika, zoikidwa m'magulu. Kenaka pamabwera ndime za unduna ndi unduna: anapatsidwa zingati mu bajeti, analandira zingati, anagwiritsa ntchito zingati, ndipo ofufuza anapeza chiyani. Kumapeto kuli nkhani zakale zomwe sizinakonzedwebe. Makhonsolo ndi makampani a boma ali ndi malipoti awo apadera.

Magulu a m'tebulo lija si ofanana. Ndalama zokumbira mijigo zikalipiridwa malipiro a antchito, n'kulakwa, koma sizinalowe m'thumba la munthu. Wantchito akatenga ndalama za ulendo osabweza malisiti, ndi gulu lina. Kuba kwenikweni kuli ndi mzere wakewake. Kuphatikiza zonsezi n'kuzitcha kuba kumangothandiza wakuba weniweni kubisala pagulu.

Chomwe sitiwerenga n'komwe ndi chigamulo cha odita pa mabuku a ndalama, chomwe chimaikidwa pamodzi ndi mabukuwo. Funso lake n'limodzi: kodi manambala awa tingawakhulupirire? Mukatsegula fayilo n'kuona mutu wakuti "Qualified Opinion", musaganize kuti akhoza mayeso. Odita akunena kuti mabuku ali bwino kupatula chinthu chakutichakuti, ndipo chinthucho amachifotokoza pansi pa mutu wa "Basis for Qualified Opinion". Pamenepo ndi poyambira kuwerenga.

Tiyerekeze khonsolo ina yalemba kuti inagwiritsa ntchito K200 miliyoni. Odita amayamba wadziikira malire a cholakwa chomwe chingasokeretse wowerenga, tinene 1 peresenti, yomwe ndi K2 miliyoni. Pofufuza wapeza kuti K9 miliyoni ya mafuta a galimoto ilibe mavocha, ilibe malisiti, ngakhale buku losonyeza galimoto yomwe inathiridwa. Amalembera akuluakulu a khonsoloyo, amawapatsa nthawi yoyankha, koma mapepala osaoneka. K9 miliyoni yadutsa malire aja, komabe vuto lili pa mzere umodzi wokha. Malipiro, misonkho ndi za ku banki zikugwirizana. Apa ndiye pamatuluka chigamulo cha "kupatula". Sananene kuti mafuta anabedwa. Wanena kuti umboni palibe, ndipo sangaikire kumbuyo nambala imeneyo. Chigamulo chomwechi chimaperekedwanso umboni ukakhalapo koma ukuonetsa kuti nambala imodzi yaikulu inalembedwa molakwika.

Zikanakhala kuti mabuku ambiri asoweratu, odita akanakana kupereka chigamulo chilichonse. Zikanakhala kuti mapepala alipo koma akuonetsa kuti manambala ndi olakwika paliponse, akanalemba kuti mabukuwo sakupereka chithunzi choona. Ziwirizi n'zoopsa kuposa "kupatula", ngakhale sizimveka kwambiri m'nkhani.

Nanga mafuta opanda malisiti akanakhala a K300,000 yokha? Khonsoloyo ikanatha kulandira chigamulo choyera, koma nkhaniyo n'kulembedwabe m'ndime za zolakwika. Ichi n'chifukwa chake ndimaseka mkulu wina akamadzitama pa msonkhano kuti "ife odita anatiyeretsa". Chigamulo choyera chimangotanthauza kuti manambala ndi odalirika. Mukhoza kugula mipando pa mtengo wowirikiza katatu, n'kulemba bwinobwino m'mabuku, manambala n'kukhala oona ndithu.

Maganizo anga ndi akuti "kupatula" kwa chaka chimodzi sikundidetsa nkhawa kwambiri; mapepala amasokonekera, antchito amasamutsidwa. Koma tsitsani malipoti a zaka zitatu zotsatizana muwaike pamodzi. Ngati chifukwa chake ndi mafuta omwewo chaka ndi chaka, ndiye kuti pali wina amene zikumukomera kuti buku lija lisapezeke. Odita samanga munthu. Lipoti limapita ku komiti ya aphungu yoona za ndalama za boma, komwe alembi aakulu a maunduna amaitanidwa kukayankha. Mukamamvera zokambiranazo, tcherani khutu kwa amene akubwera ndi malisiti lero, patapita chaka chathunthu odita atawapempha, ndipo aphungu amufunse kuti anali kuti nthawi yonseyi.