Bulanki iwerengeni ndi kuilemba, musamangoikira ziro

Anzanga a mu labu, pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho, ngakhale ambiri tinaphunzitsidwa choncho. Munthu watenga chubu cha bulanki, chija chokhala ndi riyejenti koma chopanda sampulo, wathira mu kiveti, wadina batani la ziro, makina aonetsa 0.000, basi wayamba kuwerenga masampulo. Mukamufunsa kuti bulanki ya lero inali zingati, amakuyang'anani modabwa n'kunena kuti inali ziro. Ayi ndithu, sinali ziro. Iyeyo ndi amene anauza makina kuti aitche ziro, ndipo nambala yake yeniyeni inapita osaonedwa ndi munthu.

Makina oyezera mtunduwa sadziwa shuga, sadziwa puloteni. Chimene amaona ndi kuwala basi: kwalowa kochuluka bwanji mu kiveti, kwatulukira mbali inayo kochuluka bwanji. Chilichonse chimene chachepetsa kuwalako amachiwerengera pamodzi n'kutipatsa nambala imodzi ija timaitcha abuzobansi. Mu nambalayo muli mtundu umene sampulo yapanga, umene ndi womwe tikufuna, koma mulinso mtundu umene riyejenti inali nawo kale isanakumane ndi sampulo, ndi kakuwala kamene kiveti yeniyeniyo yadya. Mwayi wathu ndi woti abuzobansi imaphatikizana ngati manambala wamba, yaichi kuonjeza yaichi, choncho timatha kuchotsera gawo limene si lathu. Izi zimatheka pa abuzobansi pokha. Ngati makina anu akuonetsa %T, imene ndi peresenti ya kuwala kumene kwadutsa, musachotsere pamenepo, yambani mwasintha kukhala abuzobansi, chifukwa %T siphatikizana mwanjira imeneyo.

Titenge shuga wa m'magazi, njira ya GOD-POD, imene ambiri timaidziwa. Mumathira 1000 µL ya riyejenti ndi 10 µL ya seramu, n'kuika pa 37 °C kwa mphindi pafupifupi 10, mtundu wa pinki n'kubwera, kenako n'kuwerenga cha pa 505 nm. Bulanki ya riyejenti ndi chubu chomwecho, 1000 µL ya riyejenti yomweyo, koma m'malo mwa seramu mwathira 10 µL ya madzi a disitilidi. Riyejenti imeneyi ikakhala yatsopano imaoneka pafupifupi ngati madzi. Ikamakalamba, makamaka ikamasiyidwa pabenchi pa kuwala ndi kutentha, imayamba kufiira yokha pang'onopang'ono. Mukaika botolo kutsogolo kwa pepala loyera mumaona kapinki kotuwa, kamene pa tebulo lakuda simungakaone.

Tiyerekeze kuti makina taikira ziro ndi madzi, ndiye tapeza izi: bulanki 0.080, sitandadi ya 5.55 mmol/L yapereka 0.380, sampulo ya wodwala yapereka 0.200. Kawerengedwe koyenera ndi aka:

```
C = (A_sampulo - A_bulanki) / (A_sitandadi - A_bulanki) x C_sitandadi
C = (0.200 - 0.080) / (0.380 - 0.080) x 5.55 = 2.22 mmol/L
```

Amene waiwala bulanki angogawa 0.200 ndi 0.380, achulukitsa ndi 5.55, n'kulemba 2.92. Wodwala yemweyo, magazi omwewo, koma 2.2 ndi 2.9 si uthenga umodzi kwa dokotala amene akufuna kudziwa kuti shuga watsika kufika pati.

Apa ndi pamene ndimafuna tiimepo, chifukwa ambiri amaganiza kuti kuiwala bulanki kumangokweza zotsatira zonse mofanana, ngati sikelo imene yayambira pa 1 m'malo mwa ziro. Sizili choncho. Tengani sampulo ina ya shuga wokwera imene yapereka 0.980. Mukachotsera bulanki mupeza 0.900 kugawa ndi 0.300, kuchulukitsa ndi 5.55, ndiye 16.65. Mukapanda kuchotsera mupeza 14.31. Mwaona? Wotsika uja wakwezedwa, wokwerayu watsitsidwa. Chifukwa chake n'chakuti 0.080 ija yalowa pamwamba ndi pansi pomwe, ndiye zotsatira zonse zimakokedwera ku nambala ya sitandadi. Sampulo imene ili pafupi ndi 5.55 ituluka bwinobwino ngati palibe vuto. Ndiye ngati kontolo yanu ndi imodzi yokha, ya mulingo wapakati, ikunamizani tsiku lililonse kuti zonse zili bwino, pomwe odwala amene zotsatira zawo zikufunika msanga, otsikitsitsa ndi okweretsetsa, ndi amene akulakwiridwa. N'chifukwa chake ine ndikaona kontolo yotsika ikukwera pang'ono, yokwera ikutsika, yapakati ili phee, ndimayamba ndafunsa za bulanki ndisanayambe kukayikira pipeti.

Pali zolakwika zina ziwiri zimene zimachitika kwa anthu amene bulanki akuidziwa ndithu. Wina amachotsera ku sampulo kokha, sitandadi n'kuisiya: 0.120 kugawa ndi 0.380, apeza 1.75. Winanso amachotsera kawiri. Ndinaona izi kwa wophunzira wina amene ndinkamuyang'anira. Anaikira ziro ndi bulanki, makina n'kumamupatsa manambala ochotseredwa kale, 0.120 ndi 0.300, koma pa kompyuta panali fomula yochotseranso 0.080. Yankho linatuluka 1.01. Chinatidzutsa n'chakuti masampulo ena ochepa mphamvu ankatuluka ndi abuzobansi ya kunsi kwa ziro. Mukaona mainasi pa masampulo angapo motsatizana, dziwani kuti mwina bulanki yachotsedwa kawiri, mwina chubu cha bulanki chalowa kanthu, kaya pipeti inakhudza sitandadi isanafike kumeneko.

Tsopano wina andifunsa kuti: nanga ngati kuikira ziro ndi bulanki kumapereka 0.120 ndi 0.300 momwemo, vuto lili pati? Pa masamu palibe vuto, yankho ndi 2.22 lomwelo, ndipo mapepala ambiri a m'makiti amalemba kuti muchite choncho. Dandaulo langa ndi loti mwataya uthenga. Bulanki ndi imene imakuuzani thanzi la riyejenti. Mukamaikira ziro ndi madzi, n'kuwerenga bulanki ngati sampulo ina iliyonse, n'kuilemba m'buku, mudzaona botolo limene linayamba ndi 0.020 likufika 0.050, kenako 0.080, kenako 0.150. Pepala la m'kiti nthawi zambiri limatchula malire a bulanki amene mukawadutsa riyejenti iyenera kutayidwa. Malirewo muwayerekeza ndi chiyani ngati tsiku lililonse mumalemba 0.000? Kuchotsera kumachotsa mtundu wokha, sikubwezeretsa mphamvu ya maenzaimu amene afooka. Riyejenti yotere imatha kuyeza bwino shuga wapakati koma n'kulephera kumaliza ntchito pa wokwera. Kuwerenga bulanki payokha kumangotenga masekondi ochepa, ndipo mukafuna mutha kuikira ziro ndi iyo mutailemba kale.

Bulankiyo iyeneranso kuyenda ulendo womwe masampulo ayenda. Ilowe m'madzi ofunda a 37 °C nthawi imodzi ndi anzake, ikhale mphindi zomwezo, ichokere m'botolo lomwelo. Riyejenti yongotuluka mu furiji n'kuthiridwa mu kiveti si bulanki, ndipo kuzizira kwake kumachititsa kiveti thukuta kunja, nambala n'kumayendayenda. Ya dzulo si ya lero. Mukatsegula botolo latsopano pakati pa ntchito, pangani bulanki ina ndi sitandadi ina. Komanso chimene mwathira m'malo mwa sampulo chikhale chimene sampulo yasungunulidwamo. Anzathu oyeza puloteni ndi njira ya Bradford pa 595 nm amazidziwa bwino izi: riyejenti yawo ili ndi mtundu wake waukulu isanaone puloteni, ndipo sopo wina wa mu bafa yosungunulira, monga SDS, amasintha mtunduwo. Bulanki ya madzi pomwe masampulo ali mu bafa yotere ndi kudzinamiza.

Koma bulanki ya riyejenti ili ndi polekezera. Imachotsa za riyejenti, sidziwa kanthu za mtundu umene sampulo yabwera nawo. Seramu yofiira chifukwa maselo ofiira aphulika, yachikasu kwambiri chifukwa cha bilirubini, kapena yoyera ngati mkaka chifukwa cha mafuta, zonsezi zimachepetsa kuwala pazokha. Ya mafuta ija siimwa kuwala kwenikweni, imakumwaza, koma makina sasiyanitsa. Apa pamafunika bulanki ya sampulo: 10 µL ya seramu yomweyo mu 1000 µL ya selaini, popanda riyejenti, n'kuiwerenga poyerekeza ndi selaini yekha. Tinene kuti sampulo yathu ya 0.200 ija inali yamafuta, ndipo bulanki yake yapereka 0.030. Ndiye pamwamba pakhala 0.200 kuchotsa 0.080 kuchotsanso 0.030, kutsala 0.090, yankho n'kukhala pafupifupi 1.67. Pansi sipasintha, chifukwa 0.030 imeneyi ndi ya wodwala ameneyu yekha, sitandadi ilibe mafuta. Sampulo iliyonse yotere imafuna bulanki yakeyake, simungabwereke ya mnzake.

Ndipo pali zina zimene bulanki ya mtundu uliwonse singakonze. Mu GOD-POD, shuga amayamba wapanga haidirojeni perokisaidi, ndiye perokisaidiyo ndi amene amabweretsa pinki. Ngati m'magazi muli vitamini C wambiri, amadya perokisaidiyo mtundu usanapangike, shuga n'kuoneka wotsika. Bilirubini wambiri amachitanso zofanana. Apa vuto si mtundu woonjezera umene mungachotsere, ndi mtundu umene walephera kubadwa. Sampulo yotere imafuna kuisungunula ngati shuga wake akulola, kapena kuiyeza ndi njira ina monga ya hekisokaineji.

Kwa amene amajambula mzere wa masitandadi angapo, bulanki ndi sitandadi ya ziro, ndipo njira zilipo ziwiri. Mutha kuchotsera bulanki kwa onse, masitandadi ndi masampulo, musanajambule. Kapena osachotsera kwa aliyense, n'kuusiya mzere udutse pamene wafuna, chifukwa pamene ukudulira mbali ya abuzobansi ndi pamene pali bulanki. Choipa ndi kusakaniza: manambala osachotsera, koma pa Excel mwakakamiza mzere kudutsa pa ziro. Mzerewo umapendekeka, masitandadi apansi amakhala pamwamba pake, apamwamba pansi pake, chonsecho R² ikuoneka yokongola. Ine bulanki ndimapanga ziwiri, pa puleti zitatu, n'kutenga avareji. Zikasiyana kwambiri, monga 0.078 ndi 0.110, sindisankhapo imene yandisangalatsa. Ndimayang'ana kiveti ngati ili ndi zala, kukandika kapena kathovu, ndipo ngati palibe ndimathira zina.