Chenjezo kwa onse omwetsa khanda mankhwala a madontho

Ana anga, ndi inu azigogo anzanga amene mumathandiza mayi wongotuluka kumene kuchipatala, pali khalidwe limene ndikufuna lithe m'makomo mwathu. Khanda la masiku ochepa mukuligoneka chagada pamiyendo, wina n'kulitsina mphuno kuti liyasamule, wina n'kukhuthulira mankhwala kummero ndi supuni, ndipo likayamba kutsokomola ndi kufiira nkhope mumati mankhwala alowa. Kumeneko n'kusewera ndi moyo wa mwana.

Khanda limapuma makamaka ndi mphuno, ndipo luso lake lomeza ndi loyenerana ndi mkaka wa m'mawere umene limadziyamwira lokha pang'onopang'ono. Mukalitseka mphuno, limakoka mpweya mwamphamvu ndi pakamwa, ndiye ngati m'kamwamo muli madzi, madziwo amatsata mpweya kulowera njira ya kumapapo. Kulira kumachitanso chimodzimodzi, chifukwa mwana akamalira amakoka mpweya mwadzidzidzi. N'chifukwa chake khanda limene likulira kapena lili m'tulo silimwetsedwa kanthu. Muyambe mwalitonthoza kapena kulidzutsa.

Titenge chitsanzo cha nevirapini, mankhwala amadzi amene mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amamwa kamodzi pa tsiku kwa masabata 6. Mwana wobadwa ndi sikelo yopitirira makilogalamu 2.5 amapatsidwa mamililita 1.5, pamene wocheperapo amapatsidwa mlingo wotsikirapo umene anamwino amakuuzani. Mlingowo umayezedwa ndi sirinji yopanda singano imene munalandira kuchipatala, osati ndi supuni ya tiyi kapena chotsekera botolo.

Sambani m'manja ndi sopo, mukoke mankhwalawo kufika pa mzere umene anakusonyezani, kenaka mukhale pansi bwinobwino. Mwanayo mumunyamule monga mmene mumachitira pomuyamwitsa, koma modzuka pang'ono, mutu wake utatsamira pa chigongono chanu ndipo uli pamwamba kuposa mimba yake. Khosi lisapindikire kumbuyo, komanso chibwano chisagunde pachifuwa. Ngati akutakataka, mukulungeni manja m'chitenje. Mukhudzeni pamlomo ndi nsonga ya sirinji, ndipo akayasamula, muilowetse cham'mbali, pakati pa tsaya ndi nkhama, osaloza kummero. Kankhani pang'ono kwambiri kuti mutuluke timadontho tochepa, muime, muyang'ane pakhosi pake mpaka muone kuti wameza, kenaka muwonjezere. Mamililita 1.5 amenewo agaweni kanayi kapena kasanu. Ndikudziwa kuti m'mawa ntchito zimachuluka, koma mphindi ziwiri zokha n'zokwanira, ndipo amene akuti alibe mphindi ziwirizo asiyire wina. Mukamaliza, musamugoneke nthawi yomweyo. Mumuike paphewa kwa kanthawi. Akalavula kapena kusanza, musangoganiza nokha zobwereza mlingo wonse, koma funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo.

Ngakhale madontho awiri a katemera wa poliyo amene amaperekedwa mwana akangobadwa amafuna kanyamulidwe komweko, choncho musamugoneke chagada pofuna kuti mzere wa kusikelo uyende msanga.

Mwana akatsamwa koma akutsokomola kapena kulira momveka, ndiye kuti mpweya ukudutsa. Lekani kumwetsa, mumudzutse n'kumuweramitsira kutsogolo pang'ono, ndipo mumusiye atsokomole. Koma akangoti zii, mawu osatuluka, milomo ndi lilime n'kuyamba kuda, mumugoneke chafufumimba pamkono panu, mutu uli chakumunsi, mutagwirizira chibwano chake ndi dzanja, ndipo mumumenye kasanu pakati pa mapewa ndi chikhatho. Ngati sizinasinthe, mumutembenuze n'kukanikiza kasanu pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri, mubwereze zimenezi uku wina akufuna thandizo lopitira kuchipatala. Musamupise chala kummero, musamugwedeze, ndipo musamupatse madzi oti atsitsire.

Zoopsa zina zimadza mochedwa, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo angathe kuyambitsa chibayo patapita maola kapena tsiku. Khanda likamapuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, nthiti zikamalowa kwambiri m'kati, likamabuula popuma, likatentha kapena kuzizira thupi, kapena likakana bere, mupite nalo kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale ndi usiku, ndipo mukanene poyera kuti linatsamwa pomwa mankhwala.

Tsono kwa inu apongozi ndi azakhali amene mumabwera ndi timabotolo ta mankhwala a m'mimba ogula kugolosale, kapena mizu yonyika m'madzi yoti itsuke mwana, ndikunena mosabisa kuti zimenezo zilibe malo m'kamwa mwa khanda. Kufikira atakwanitsa miyezi 6, mwana amwe mkaka wa m'mawere wokha pamodzi ndi mankhwala amene achipatala alemba m'buku lake, ndipo womwetsa akhale munthu amene anaonetsedwa kamwetsedwe kake.