Khofi wofanana tsiku ndi tsiku sachokera m'makina, amachokera pa muyeso

Mundilole ndiyankhule lero, chifukwa mtima ukadali m'mwamba. M'mawa uno pakhomo pathu anthu asanu ndi mmodzi tamwa madzi otentha a mtundu wa khofi, ndipo wina anali kundiuzabe kuti ndine wotsalira chifukwa ndinakana kutaya pulanja yanga, jagi yokonzera khofi pamanja.

Nkhani yake ndi iyi. Alamu anga, ang'ono awo a abambo akunyumba, anabwera kuchokera ku Joni mwezi wathawu ndi makina aja oponyamo kakapisolo n'kudina batani. Okongola ndithu, akuda bii, onyezimira. Anawaika pa tebulo n'kunena kuti, "Alamu, za sipuni ndi ketulo zija zatha, apa khofi azikoma chimodzimodzi tsiku lililonse." Makapisolo anabwera nawo mabokosi asanu, lililonse muli khumi. Lero ndi tsiku lomwe anatsala anayi, anthu tili asanu ndi mmodzi, abambo akufuna kunyamuka 6 koloko kupita ku Monkey Bay, apongozi akudikira pakhonde. Ndiye alamu anayamba kudina batani katatu pa kapisolo kamodzi kuti kapu idzaze. Madzi oyamba anatuluka akuda, achiwiri ofiirira, achitatu mbuu ngati otsukira mpunga. Apongozi analawa kamodzi, n'kuika kapu pansi, n'kupempha tiyi. Chimodzimodzi chake ndi chimenechi? Ayi, ndakwiya.

Ndikunena pano ndipo ndibwerezanso: khofi wofanana tsiku ndi tsiku amachokera pa muyeso. Khofi wochuluka chimodzimodzi, madzi ochuluka chimodzimodzi, kutentha komweko, nthawi yomweyo. Makina alionse amene mungagule amangokuthandizani kusunga zinayizi, ndipo tsiku lomwe alephera kusunga chimodzi, khofi wasintha, ngakhale makinawo akhale odula bwanji.

Muyeso wake si wachinsinsi. Magalamu 60 a khofi wogaya pa lita imodzi ya madzi. Kapu ya pakhomo, ija timamwera tiyi, imalowa mamililita 250, ndiye kuti imafuna magalamu 15. Ife asanu ndi mmodzi timafuna lita imodzi ndi theka, magalamu 90. Tsono kakapisolo kakang'ono kaja mumakhala magalamu 5 kapena 6 okha, ndipo kanapangidwira kakapu ka mamililita 40, kakachuluka 110. Werengani nokha. Kuti tonse timwe kapu yodzaza ya mphamvu yoyenera, pafunika makapisolo oposa 15 m'mawa umodzi, bokosi ndi theka, ndipo wina aime pamenepo kuponya, kudina, kudikira, kuchotsa, kuthiramo madzi m'kathanki kakatha. Pakhomo pomwe ana akufuna yunifolomu, phala lili pamoto, ndani ali ndi nthawi imeneyo?

Sindikuwanamizira makinawa. Pa kakapu kamodzi kakang'ono, ka munthu mmodzi, amasunga muyeso kuposa dzanja langa, chifukwa khofi anayezedwa kale ku fakitale ndipo anamatidwa, mpweya sulowa. Munthu wokhala yekha kapena awiri, amene amapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe mwezi ndi mwezi, agule, sindimuletsa. Koma banja lalikulu la ku Mangochi? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtundu uliwonse wa makina uli ndi makapisolo akeake, a mtundu wina salowa. Akatha, simungathamange pa golosale ya pafupi. Ndipo makinawa amakoka mawati oposa 1,000 potenthetsa madzi, moti magetsi akazima invata yathu yaing'ono ya sola imangolira n'kuzima. Muyeso umene umadalira magetsi ndi katundu wa m'basi ya ku Joni si muyeso, ndi mwayi.

Wina andifunsa za makina odontheza, aja mumathira madzi kumbuyo, khofi mu sefa ya pepala, n'kumadontha mu jagi ya galasi. Amenewo ndimawalemekeza, ndinakhalapo nawo. Pa banja lalikulu amaposa a makapisolo kutali, chifukwa jagi yonse imadzaza pasanathe mphindi khumi inu mukuchita zina, ndipo mumathiramo khofi aliyense amene mwapeza. Koma nawonso sakuyezerani. Mukathira ndi maso, lero masipuni asanu, mawa asanu ndi atatu, makinawo adzakudonthezerani zomwe mwawapatsazo. Ndipo chenjerani ndi manambala a pa jagi. Pakalembedwa 10, si makapu athu ayi, ndi timakapu ta mamililita 125 kapena apo, ndiye jagi yonseyo ndi lita imodzi ndi kota, makapu asanu a pakhomo. Wachisanu ndi chimodzi adikire ulendo wina.

Zinthu ziwiri zimawononga makina odontheza, ndipo zonse ndinaziona ndi maso anga. Choyamba ndi kambale kotentha ka pansi pa jagi. Amene wamwa 6 koloko wamwa khofi, amene wadzuka 7 koloko wamwa zowawa zonunkha kupserera, chonsecho ndi jagi imodzi. Mankhwala ake n'kutsanulira mu fulasiki atangomaliza kudontha, kapena kugula a jagi yosunga yokha kutentha. Chachiwiri ndi madzi. Madzi a pa mjigo wathu amasiya zoyera zolimba ngati laimu m'ketulo, yang'anani yanu muone. Zomwezo zimamatirira m'timapaipi ta makina. Mudzazindikira makina akayamba kuchedwa, kukhosomola, kutulutsa nthunzi yambiri madzi ochepa, khofi n'kumatuluka wofunda chabe komanso wowawasa. Pamenepo thirani viniga woyera theka, madzi theka, ayende m'makinamo, kenako madzi okhaokha kawiri. Ndi madzi ngati athu, kamodzi pa mwezi. Osatero, makina omwe munagulira kuti khofi asasinthe ndi omwewo azimusintha pang'onopang'ono inu osadziwa. A makapisolo nawonso amatsekeka ndi laimu yemweyo, ndipo timabowo tawo n'tating'ono kwambiri.

Tsono imvani mmene ndimachitira ine amene ndikutchedwa wotsalira. Ndili ndi pulanja ya lita imodzi, jagi ija ya sefa yachitsulo yokanikiza pansi. Ndili ndi kasikelo ka kukhitchini ka mabatire, ndi fulasiki yaikulu. Tsiku loyamba ndinayeza magalamu 45 pa sikelo, n'kuthira m'kakapu ka pulasitiki, n'kulemba mzere ndi peni pomwe khofi analekezera. Mu pulanjamo ndinaika chizindikiro pa mamililita 750. Basi. Kuyambira pamenepo ngakhale mwana wa achemwali anga wa Fomu 2 amakonza khofi wofanana ndi wanga, chifukwa sakuganiza, akungotsata mzere.

Madzi akawira, pa mbaula, pa gasi, pa magetsi, zilibe kanthu, ndimaphula n'kudikira theka la mphindi kuti atsike pang'ono, chifukwa khofi amafuna madzi a pakati pa madigiri 92 ndi 96, osati obwadamuka. Ndimayamba ndatsuka pulanja ndi fulasiki ndi madzi otentha kuti zisabe kutenthako. Khofi mpaka pa mzere, madzi mpaka pa chizindikiro, kutakasa kamodzi, kuvundikira, mphindi zinayi pa wotchi ya foni. Zinayi, osati "ndikamaliza kusesa". Kenako kukanikiza pang'onopang'ono n'kutsanulira zonse mu fulasiki nthawi yomweyo, osasiya m'pulanja, chifukwa akakhala pamodzi ndi maseche amapitiriza kuwawa. Kukhuthula, kutsuka, ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Magalamu 45 kawiri ndi 90, mamililita 750 kawiri ndi lita ndi theka. Pasanathe kota ya ola fulasiki yadzaza, wa 6 koloko ndi wa 8 koloko amwa chinthu chimodzi. Magetsi azime, asazime, sizindikhudza.

Ndipo chikalakwika ndimadziwa pogwira. Khofi akakhala wamadzimadzi, wowawasa ngati bwemba, ndiye kuti madzi anali atazizira, kapena nthawi inachepa, kapena anagayidwa mokhakhala kwambiri. Akawawa n'kuuma kukhosi, ndiye kuti wakhalitsa, kapena ndi wosalala kwambiri. Pulanja imafuna wokhakhala, wa mbewu zooneka ngati mchere wa pamsika. Mukathiramo wosalala ngati ufa woyera, sefa ivuta kutsika ndipo pansi pa kapu padzakhala matope. Mumasintha chinthu chimodzi, mawa n'kulawanso. Pa kapisolo musintha chiyani? Mungodina batani kachitatu ngati alamu anga.

Musandiuze kuti pamanja n'zochedwa. Chochedwa ndi kuima pa makina kudontheza timakapu khumi ndi tisanu. Musandiuze kuti pamanja n'zosinthasintha. Chosinthasintha ndi dzanja lopanda mzere, sipuni ya lero yosefukira, ya mawa yatheka. Ikani mzere, nkhani yatha. Anthu amagula makina chifukwa anaona pa foni, basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Khofi wanga ali m'botolo lotseka bwino m'kabati, kutali ndi dzuwa ndi mbaula, paketi ya magalamu 250 imatikwanira m'mawa kawiri n'kutsalako wambiri, ndipo ndimaona ndi maso kuti watsala wa masiku angati. Wa alamu ali ku Joni.

Ngati pakhomo panu magetsi savutavuta ndipo m'mawa mulibe ngakhale mphindi zinayi, gulani odontheza, koma sikelo ndi fulasiki mugulenso, apo ayi mwataya ndalama. Ngati muli ngati ife, pulanja, mzere, fulasiki.

Chinanso chimene chikundipweteka ndi ichi. Dziko lino timalima khofi wabwino, ku Misuku m'boma la Chitipa, kumapiri a ku Rumphi, ku Thyolo. Wa Mzuzu uja amadziwika mpaka kunja. Koma lowani m'magolosale ambiri kuno, mupeza timabotolo ta wosungunula uja, ndi tina tosakaniza ndi chicory. Ukafunsa wogaya amakuyang'ana ngati wafunsa mankhwala a kuchipatala. Ukamupeza, pa paketi sanalembe kuti anagayidwa mokhakhala kapena mosalala, wogulitsa nayenso sakudziwa, ndipo paketiyo yakhala pa shelefu ya pafupi ndi zenera, dzuwa la Mangochi likuiwotcha kuyambira m'mawa. Ndiye munthu azichita kutuma wa minibasi ku Blantyre kuti amwe khofi wolimidwa m'dziko lake lomwe, pomwe makina opanda makapisolo akudya malo pa tebulo langa, ndipo mawa m'mawa ndiwachotsapo.