Amene simunagwire nahawu, siyani kumasulira Kurani pagulu

Lamulungu lapitali ndinali pa sadaka ya masiku 40 kumudzi kwathu kufupi ndi Ntaja, ndipo zimene ndinamva kumeneko zandisowetsa tulo. Mashehe atachedwa, mnyamata wina wa mkanjo woyera mbee anaimirira kuti anthu asangokhala. Anatulutsa foni, nawerenga aya 28 ya Sura Fatir: "Innamaa yakhsha-llaaha min ibaadihil ulamaa-u." Kenaka anayamba kutola liwu limodzilimodzi ngati akusankha nyemba pa lichero. Yakhsha, amaopa. Allah, ndi Allah. Ulamaa, anthu ophunzira. Basi, nkutiuza kuti ophunzira ndi apamwamba kwambiri moti ngakhale Allah amachita nawo mantha. Astaghfirullah! Azimayi kumbuyo anavomera kuti "Mashaallah," ine nsima inandikanika pakhosi.

Mwana iwe, unamva kuti kuti Mlengi amaopa cholengedwa chake? Pakamwa pako pomwepo panatuluka "Allaaha", a kumapeto, ndi "ulamaa-u", u kumapeto. Unawerenga bwino ndithu, koma sunamve chimene unawerenga. Ka fataha kaja pa dzina la Allah ndiye chizindikiro chakuti Iye ndi amene akuopedwa, ndipo damma ya pa ulamaa ikunena kuti iwowo ndiwo akuopa. M'Chichewa tikati galu waluma mwana, timadziwa woluma chifukwa watchulidwa poyamba. Chiarabu sichiyenda choncho. Wochita angathe kukhala kumapeto kwenikweni kwa chiganizo, ndipo umamzindikira ndi kachizindikiro ka kumchira kwa liwu. Mwana amene wakhala pa mkeka ndi Ajurumiya, kabuku koyambira nahawu, ndiye kuti malamulo a chiganizo cha Chiarabu, amazidziwa izi asanafike pakati pa kabukuko. Nanga iwe ukamasulira Ibrahima rabbuhu mu Sura Bakara aya 124 udzatiuza chiyani? Kuti Ibrahim ndiye anayesa Mbuye wake?

Ndipo musaganize kuti mukadziwa wochita ndi wochitidwa ndiye mwamaliza. Funso lalikulu pa aya ya Fatir ija ndi lakuti: bwanji dzina la Allah latsogola, ulamaa nkukankhidwira kumapeto? Apa nahawu yafika malire ake, balaga, phunziro la luso la kaikidwe ka mawu, ndiyo imayankha. Liwu lakuti innamaa limatsekera tanthauzo pa chinthu chimene chabwera pomalizira. Popeza ulamaa ali kumapeto, aya ikunena kuti oopa Allah moona mwa akapolo ake ndi odziwa okha. Mukanasinthanitsa, ulamaa patsogolo ndi Allah kumapeto, tanthauzo likanakhala lakuti odziwa saopa wina koma Allah yekha. Zonse ziwiri nzabwino kumva, koma si nkhani imodzi: yoyamba ikunena za amene amaopa, yachiwiri ikunena za amene akuopedwa. Abdul Kahir al-Jurjani, katswiri wa balaga amene anamwalira cha m'ma 1078, anaifukula aya imeneyi m'buku lake la Dalaail al-Iijaz pofuna kuonetsa zomwezi. Munthu anatha moyo wake wonse akusinkhasinkha chifukwa chimene liwu ili latsogolera linzake, inu mwabwera ndi foni ya chaji chotsala pang'ono nkumati "mwachidule aya ikungotanthauza kuti." Mwachidule! Ndani anakupatsani chilolezo chofupikitsa?

Tsiku ndi tsiku mumanena iyyaaka naabudu pa swala, maulendo osachepera 17. Munadzifunsapo chifukwa chake silili naabuduka? Kutsogoza iyyaaka ndiko kumabala liwu lakuti "nokha": Inu nokha tikukupembedzani. Liwu la "nokha" simulipeza palokha m'ayamo, lili m'kaimidwe ka mawu. Wotola liwu limodzilimodzi amataya tauhidi panjira osadziwa kuti wagwetsa kanthu.

Wina chaka chatha ndinamumva m'minibasi ya ku Liwonde akutsutsana ndi mnzake za mowa. Akuti Kurani yomwe imanena kuti "iimaluu maa shiitum", chitani zimene mwafuna, ndiye aliyense ali ndi ufulu. Inde mawuwo alimo, Sura Fussilat aya 40. Koma kodi mayi ako akakupeza ukuseweretsa moto pafupi ndi nkhokwe, nkukuuza kuti "pitiriza, uona," amakhala akupatsa chilolezo? Mawu olamula m'Chiarabu amanyamula zambiri: pena lamulo lenileni, pena chilolezo, pena pempho, pena chiopsezo. Apa nchiopsezo, pakuti aya yomweyo yangotha kufunsa kuti wabwino ndani, woponyedwa kumoto kapena wobwera mwamtendere tsiku la Kiyama, ndipo ikutseka ponena kuti Iye akuona zimene mukuchita. Nanga zimene akuuzidwa munthu wa kumoto mu Sura Dukhan aya 49, kuti lawa, iwe ndiwe wamphamvu, wolemekezeka, mudzatinso akumtamanda? Chipongwe simuchidziwa, inu amene mumachita chipongwe tsiku lonse pa bawo?

Amene amandikwiyitsa koposa ndi aja oti "ine ndinakhalako ku Dubai zaka zitatu, Chiarabu ndimachimva." Chiarabu chogulira anyezi pamsika! Adiy bin Hatim anali Mwarabu weniweni wa fuko la Tayy, Chiarabu anayamwira. Koma atamva aya 187 ya Sura Bakara, yakuti idyani ndi kumwa mpaka ulusi woyera usiyane ndi ulusi wakuda, anatenga zingwe ziwiri, choyera ndi chakuda, naziika pansi pa pilo, nkumaziyang'ana usiku kuti adziwe nthawi yolekera daku. Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anamuuza kuti chimene chikunenedwa ndi kuyera kwa m'bandakucha ndi mdima wa usiku. Ngati swahaba, mwini chilankhulo, anapunthwa pa fanizo mpaka anapita kukafunsa, iwe wa ku Nselema amene sutha kusiyanitsa fataha ya wochitidwa ndi damma ya wochita, ukudalira chiyani? Iye anafunsa. Iwe ukuimirira pamaso pa anthu 200 nkumagamula.

Akale ankaopa kachizindikiro kamodzi. Zimasimbidwa kuti Abul Aswad ad-Duali wa ku Basra anamva munthu akuwerenga Sura Tauba aya 3 nkunena rasuulihi m'malo mwa rasuuluhu. Ndi u, tanthauzo ndi lakuti Allah ndi Mtumiki wake atalikirana nawo opembedza mafano. Ndi i, zikumveka ngati Allah watalikirana ndi opembedza mafano pamodzi ndi Mtumiki wake yemwe. Akuti zimenezo ndizo zinamdzutsa kuti ayambe kuika madontho osonyeza katchulidwe m'Musahafu. Iwo ankanjenjemera ndi kasira mmodzi, kachizindikiro ka i kaja, ife tikutumizirana mauthenga a mawu a mphindi khumi pa WhatsApp, odzaza "tafusiri" ya munthu amene sanatsegulepo buku la sarafu, phunziro la kapangidwe ka mawu a Chiarabu.

Sindikuletsa kuwerenga Kurani yotanthauziridwa m'Chichewa kapena m'Chiyao. Werengani, ndiponso uzani anzanu kuti womasulira walemba chakuti. Koma kuchoka pamenepo nkuyamba "ine ndikuona kuti liwu ili likutanthauza," pamenepo mwalowa m'munda wa eni. Safunsa anadya phula, koma uyu akudyetsanso mudzi wonse.

Ndi inunso akuluakulu a m'mizikiti, mlandu ukukukhudzani. Mumapereka maikolofoni chifukwa mwana ali ndi mawu okoma ndi ndevu zosamalika. Munamfunsapo kuti aimike chiganizo chimodzi, anene wochita ndi uyu, wochitidwa ndi uyu, chifukwa chake nchakuti? Mphindi ziwiri zokha zikanakwana. Tsopano azimayi aja anabwerera kwawo atamva kuti Allah amaopa anthu, ndipo ena akauza ana awo. Adzapita ndani khomo ndi khomo kukakonza?

Iwe wa mkanjo woyera, ndikudziwa uwerenga izi. Bwerera ku madrasa, ukakhale pansi pamodzi ndi ana, uyambire pa u, a ndi i. Pa sadaka ikubwerayi ukathandize kugawa mbale.