Kalulu wakwera mtengo: maganizo anga pa mawu okana kukhala m'mutu

Abale anga amene mukuphunzira chilankhulo china, makamaka inu a geni amene mumadutsa pa Dedza kupita ku Tete kapena ku Beira, pali nkhani imene ndakhala ndikuimva kuno ku Lilongwe yoti munthu atha kuloweza mawu mazanamazana pa sabata pogwiritsa ntchito zithunzi za m'maganizo. Ena akuitama njirayi mopyola muyezo, ena akuti ndi masewera a ana. Ine maganizo anga ndi akuti njirayi ndi yeniyeni ndipo imagwira ntchito, koma ndi ya mawu ochepa okha, aja okanika, amene mwawawerenga kambirimbiri koma mukafika pa kauntala athawa.

Mawu ambiri safuna chithunzi ayi. Wophunzira Chipwitikizi amene anakulira m'Chichewa akamva janela amadziwiratu kuti ndi zenera, sapato ndi nsapato, batata ndi mbatata. Enanso amalowa okha chifukwa mumawamva tsiku ndi tsiku. Kupangira mawu otere chithunzi ndi kutaya nthawi. Sungani mphamvu zanu, muzigwiritse pa mawu amene mwawalephera katatu motsatizana podziyesa. Amenewo muwalembe patsamba lawolawo kumapeto kwa kope.

Chithunzi chabwino chimakhala ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ziyenera kugwirana. Mbali yoyamba ndi kamvekedwe: mumafuna mawu a Chichewa omveka mofanana ndi mawu achilendowo, makamaka chiyambi chake, ndipo akhale a chinthu chooneka ndi maso. Mbali yachiwiri ndi tanthauzo. Ndiye mumatenga ziwirizo n'kuzichititsa kanthu limodzi.

Titenge caro, kutanthauza chinthu chodula. Apwitikizi amatchula ngati "karu", chifukwa o wa kumapeto amamveka ngati u. Karu akutikumbutsa kalulu. Tsopano tanthauzo: chodula timati chokwera mtengo. Onani kalulu, amene tonse tikudziwa kuti sakwera mumtengo, ali pamwamba pa mtengo wa mango, makutu ali njo, akukuyang'anani. Kalulu wakwera mtengo. Wogulitsa akadzati caro, khutu likupatsani kalulu, kalulu akupatsani mtengo, ndipo tanthauzo lafika. Chithunzi chimenechi sichingamuthandize munthu wosadziwa Chichewa, ndipo n'chifukwa chake sindikhulupirira zithunzi zokonzedwa kale ndi anthu a kunja. Zawo zinamangidwa pa kamvekedwe ka chilankhulo chawo. Zanu mumange ndi mawu amene munayamwira.

Ena ovuta zedi ndi puxar. Amatchulidwa ngati "pushar", ndiye ife amene tinazolowera kunena kuti kupusha galimoto timaganiza kuti ndi kukankha. Chonsecho tanthauzo lake ndi kukoka. Mukaona PUXE pa chitseko cha banki ku Mozambique, kokani. Mawu ngati amenewa ndiwo oyenera chithunzi, chifukwa vuto lake si kuiwala chabe, koma m'mutu muli kale tanthauzo lolakwika limene limafika msanga. Apa pakufunika chithunzi champhamvu kuposa chizolowezicho. Ine ndimaona pusi atakola chitenje ndi zikhadabo, akuchikokera kwa iye mpaka nsalu kulira kuti kwee. Pusi, pushar, kukoka. Mukachipanga, musangochitchula pakamwa. Tsekani maso masekondi khumi, muone mtundu wa pusiyo, mumve kung'ambika kwa nsaluyo. Ambiri amene amati njirayi sinawathandize amakhala analemba chiganizo chosangalatsa m'kope koma sanaone kanthu m'maso mwawo.

Izi si zongopeka. Mu 1975, Richard Atkinson ndi Michael Raugh a ku yunivesite ya Stanford ku America anayesa njirayi pa ophunzira amene ankaloweza mawu 120 a Chirasha. Amene anagwiritsa ntchito mawu ofanana kamvekedwe ndi chithunzi anakumbukira 72 pa 100 alionse, pamene amene ankaloweza m'njira zawozawo anakumbukira 46. Koma ofufuza ena pambuyo pake anapezanso kuti mawu olowezedwa ndi zithunzi amatha kuthawa msanga ngati munthu sabwerera kukadziyesa patapita masiku. Mbali imeneyi otsatsa njirayi sainena kawirikawiri, ndipo ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa munthu amasangalala tsiku loyamba, pakatha sabata wataya mtima n'kumati mutu wanga ndi wouma. Mutu si wouma. Chithunzicho sichinayenderedwe.

Apa ndi pamene nyumba ya m'mutu imabwera, njira yoika zithunzizo pa malo amene mumawadziwa bwino n'kumaziyendera m'maganizo. Njirayi ndi yakale kwambiri. Cicero wa ku Roma analemba m'chaka cha 55 Yesu asanabadwe nkhani ya mlakatuli wa Chigiriki, Simonides, amene anatuluka m'nyumba ya phwando denga lisanagwe, ndipo anatha kuzindikiritsa mitembo kwa abale ake pokumbukira pamene aliyense anakhala. Mfundo yake ndi yakuti malo timawakumbukira mosavutikira. Palibe amene analoweza kuti pakhomo pake mpopi uli kumanzere kwa geti, koma ngakhale magetsi atazima amaufika.

Sankhani malo amene mumawadziwa ndi mapazi anu, osati ongoganizira. Nyumba yanu ku Kawale kapena ku Mchesi, kwa agogo kumudzi, kapena njira imene mumayenda kuchoka pa depoti kupita pa benchi panu. Musankhe poima khumi, motsatana monga mmene mumayendera, ndipo ulendo uliwonse muziyenda mbali imodzimodziyo. Poima pakhale posiyana maonekedwe. Mipando inayi yofanana ya pabalaza si poima panayi, chifukwa zithunzi zidzasakanikirana. Ndipo poima pamodzi, mawu amodzi.

Tiyese ndi mawu asanu pa nyumba wamba. Pa geti pali pusi uja, wakola chitenje chimene chapachikidwa pa getipo, akukoka: puxar. Mwalowa, pa mtengo wa mango wa pabwalo pali kalulu: caro. Pa mpopi, mvula ikugwa koma ndi ya shuga, mbuu, ikudzaza ndowa, nyerere zayamba kale kubwera: chuva, yotchulidwa "shuva", ndiyo mvula. Pakhonde pakhala mwana wa sukulu, njala yamupweteka mpaka akutafuna fomu ya mayeso: fome, njala. Pa chitseko paima mlendo wamanyazi, wabisa nkhope, m'manja wanyamula tambala wolira m'bandakucha: amanhã, yotchulidwa ngati "amanya", ndiyo mawa.

Onani kuti chithunzi chachisanuchi ndi chofooka kuposa zinzake. Mawa saoneka ndi maso, ndiye tabwereka tambala kuti aimire mawa, ndipo tambalayo atha kukupatsani "m'mawa" kapena "nkhuku" m'malo mwake. Mawu a nthawi, a maganizo, ndi timawu tolumikizira ziganizo amavuta chonchi. Kwa amenewa ine ndimaona kuti ndi bwino kuloweza kachiganizo kamene mudzakanenadi, monga até amanhã, tionana mawa, chithunzi chikhale chongothandizira.

Ubwino wa nyumbayi ndi woti imakulolani kudziyesa popanda kope. Muli mu minibasi pa mzere wa magalimoto wa pa mlatho wa Lilongwe madzulo, foni yatha moto, mutha kuyenda m'nyumba mwanu m'maganizo: pa geti pali chiyani, pa mango pali chiyani. Poima pamene mwapeza mbee, popanda kanthu, mwadziwa kuti mawu amenewo ndi amene akufuna ntchito. Kuwerenga mndandanda m'kope sikukuuzani zimenezi, chifukwa maso akaona mawu mtima umati ndikuwadziwa, pamene mukungowazindikira chabe. Yendani m'nyumbamo madzulo a tsiku limene mwaimanga, mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, kenako pakatha mwezi. Ndipo pa poima paliponse tchulani mawu a Chipwitikiziwo mokweza ngati malo alola, osangoti "eya, pusi uja".

Chithunzi chikakana, pali njira yodziwira pamene chaduka. Ngati mwafika pa mpopi osaona kanthu, ndiye kuti chithunzi sichinagwire malowo, chinangoikidwa pambali. Chichititseni kanthu ndi mpopiwo, shuga atseke kukamwa kwake. Ngati mwaona kalulu koma simukudziwa kuti akutanthauza chiyani, mbali ya tanthauzo ndiyo yofooka, mwina munamuona kalulu ali pansi osati mumtengo. Ngati mwaona zonse, tanthauzo mukulidziwa, koma mawu achilendowo sakubwera, ndiye kuti mawu a Chichewa amene munasankha ali kutali ndi kamvekedwe kake. Asintheni, musawakakamire.

Choopsa chachikulu kwa ife ndi katchulidwe. Chithunzi chimakufikitsani pafupi ndi mawu, osati pa mawu enieniwo. Wodalira shuga yekha adzanena "shuga" kapena "shuwa" m'malo mwa chuva. Ndipo kalulu uja ali ndi msampha wake. M'Chichewa l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, koma m'Chipwitikizi amasintha. Kuwonjezera apo, caro wa r mmodzi wopepuka ndi chodula, pamene carro wa r wolemera ndi galimoto. Kalulu sangakuphunzitseni kusiyana kumeneku. Choncho musapange chithunzi musanamve mawuwo kuchokera pakamwa pa mwini chilankhulo, kaya ndi mnzanu wa ku Angonia amene anaphunzira sukulu kumeneko, kaya ndi pa wailesi. Mukamanga chithunzi pa katchulidwe kongowerenga papepala, mudzaloweza cholakwika mwamphamvu, ndipo kuchizula kudzavuta kuposa kuphunzira koyamba.

Chinanso, pokambirana mtengo pamsika palibe nthawi yoyenda kuchoka pa geti mpaka pa mango. Chithunzi chili ngati ndodo ya munthu amene wathyoka mwendo: cholinga ndi kudzayenda popanda iyo. Mawu aliwonse amene mwaika m'nyumbamo muwagwiritse ntchito m'chiganizo chenicheni sabata yomweyo. É muito caro, zadula kwambiri. Tenho fome, ndili ndi njala. Mukadzaona kuti caro akutuluka pakamwa kalulu asanaonekere, mawuwo akhazikika, ndipo pa mango paja patha kulandira ena. Koma musathamangire kuikapo atsopano tsiku lomwelo, chifukwa chithunzi chakale chimachedwa kufufutika ndipo ziwirizo zimalimbana. Khalani ndi nyumba ziwiri kapena zitatu, muzizisinthanitsa, ina izipuma kwa milungu ingapo musanaidzazenso.