Akuti CCNA yanga inatha, ngati kuti nzeru zanga zinathera limodzi

Abale anga lero ndapsa mtima heve. Ndatuluka pa shifiti ya usiku, miyendo ikuwawa monga mukudziwa mmene timakhalira kunja kuno, foni ikulira, ndi mayi wa ku ejensi ina yolemba anthu ntchito. Ndinafunsira ntchito yosamalira netiweki ya makompyuta masabata atatu apitawo. Mtima unagunda kuti mwina ulendo uno zatheka. Mayiyo akuti bambo, pa sivi yanu mwalemba CCNA koma tayang'ana baji yanu pa webusaiti ya masatifiketi ya Credly ikusonyeza kuti inatha 2022, bwanji simunalembe zimenezo? Ndiye ankayankhula ndi mawu aja ogwiritsa ntchito pogwira wakuba. Ine wakuba? Mayeso aja ndinakhoza ndekha 2019, palibe anandilembera.

Nditayesa kufotokoza anandifunsa funso limene likundizungulirabe mmutu mpaka pano, akuti rauta ya pa ntchito munaigwira komaliza liti. Ndinayankha zoona, 2021, chaka chimene ndinabwera kuno. Anangoti oho, zikomo bambo, tikuyimbirani. Basi zaka 7 zimene ndinasamalira netiweki ya maofesi anayi zathera mu oho ameneyo.

Kwa amene simukudziwa, CCNA ndi satifiketi ya za netiweki yochokera ku kampani ya Cisco, ndipo imakhala ndi moyo zaka 3 zokha. Isanathe umayenera kulembanso mayeso, kapena kukhoza mayeso a pamwamba pake, kapena kusonkhanitsa makirediti 30 a maphunziro awo opitiriza. Ukaphonya tsikulo makirediti sakuthandizanso, uyenera kukhalanso pa mpando wa mayeso ngati woyamba kumene. Ndiye ine 2022 ndinali kuti? Ndinali kunyamula makatoni usiku wonse, kuthamanga ndi mapepala okhalira mdziko la eni, kutumiza kangachepe kumudzi. Ndani akanakumbukira tsiku la satifiketi ali mmoto ngati umenewo.

Chinanso chowawa, mayeso amene ndinakhoza ine kulibenso. Yanga inali CCNA Routing and Switching, koma pa 24 Febuluwale 2020 Cisco inaphatikiza zonse kukhala mayeso amodzi, 200-301, ndipo mmenemo analowetsa zinthu zimene ife sitinkafunsidwa mozama, za kuyendetsa netiweki ndi mapulogalamu, REST API, kuwerenga JSON, zida ngati Ansible. Ndiye wolemba ntchito akaona 2019 amawerenga zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti pepala linatha komanso kuti munthuyu anaphunzira silabasi yakale. Apa sindingatsutse, nzoona. Chimene ndikutsutsa nchakuti amataya munthu yense chifukwa cha gawo limodzi.

Chifukwa tamverani, pali nzeru zina sizikalamba. Mundidzutse pakati pa usiku mundipatse `192.168.10.0/26` ndikuuzani kuti muli ma adilesi 64, ogwiritsa ntchito 62. VLAN ndi yomweyo, OSPF ndi yomweyo, `show ip route` imaonetsa tebulo lomwelo limene inkaonetsa ndili mnyamata. Nthambi ikasiya kufika ku likulu ndimadziwa poyambira, chingwe kaye, kenako poti ya swichi, kenako njira mu tebulo. Koma mayi uja sangandifunse zimenezo poti iye mwini sazidziwa, ali ndi mndandanda umene anapatsidwa, bokosi loti satifiketi ikugwira ntchito inde kapena ayi. Ayi ikalowa sivi siifika nkomwe kwa injiniya amene akanamva chilankhulo changa.

Akuti bwanji simunalembe. Mawu amenewo ndi amene akundiwawa kuposa kukanidwako. Ndipo nditakhala pansi ndaona kuti pamenepo cholakwa chinalipo mbali yanga, ndinangolemba CCNA popanda chaka, poganiza kuti chimene ndinakhoza ndi changa. Kwa iwo dzina lopanda deti limatanthauza kuti ikugwirabe ntchito. Satifiketi yotha ndi vuto laling'ono, koma yotha imene ikuoneka ngati yabisidwa imasanduka nkhani ya kukhulupirika, ndipo munthu amene akufuna kukupatsa mapasiwedi a netiweki yonse akakukayikira pamenepo zatha.

Ndiye pali anzathu ena kuno amene amalangiza kuti ingofufutani madeti onse achimwene, sadzadziwa. Musawamvere. Amadziwa mu mphindi ziwiri.

Nditayang'ananso sivi yanga ndi maso a mlendo ndinaona kuti madeti akundineneza paliponse. Pamwamba penipeni ndinanyadira Windows Server 2012 R2, chonsecho Microsoft inasiya kuisamalira pa 10 Okutobala 2023. Ine ndimaona luso, iwo amaona munthu amene anaima pamene ena anapitirira. Pansi pake ntchito ya makatoni kuyambira 2021 mpaka lero, ndipo ndi imene diso limayamba kugwerapo poti sivi imayamba ndi zatsopano. Palibe mzere ngakhale umodzi wosonyeza kuti manja anga agwirapo netiweki chichokereni kwathu. Mnyamata amene wakhoza 200-301 mwezi watha, sanagonepo mu chipinda cha maseva netiweki itagwa, iye bokosi lake ndi inde, wadutsa. Ine ndatsala pa geti.

Ndipo si Cisco yokha, kulikonse ndi wotchi. Network+ ndi Security+ za CompTIA zaka 3, za AWS zaka 3, zambiri za Microsoft zamakonozi chaka chimodzi chokha ngakhale kuti zimenezo umakonzanso pa intaneti osalipira bola usachedwe. Amene anakonza malamulowa amaganiza za munthu wokhala pa ofesi imene bwana amamukumbutsa ndi kumupatsa nthawi yowerenga. Munthu wosamuka dziko amataya zaka ziwiri zitatu akungofuna poponda, ndipo ndi zaka zomwezo zimene zimapha pepala.

Mmawa uno mmalo mogona ndakonza sivi. Ndalemba poyera kuti CCNA Routing and Switching, 2019, inatha 2022, ndikukonzekera 200-301. Windows Server yakale ija ndaichotsa pamwamba ndaibwezera pansi pa ntchito imene ndinkaigwiritsira ntchito, pomwe chaka chake chikumveka. Ndatsegulanso GNS3, pulogalamu yoyeserera netiweki, pa laputopu, ndikumanga maofesi atatu olumikizana ndi OSPF, ndiyesenso kusintha ma VLAN pa maswichi onse ndi Ansible mmalo molowa imodziimodzi, ndipo ndikamaliza ndilemba ndi mwezi ndi chaka chake. Ndikudziwa kuti labu ya kuchipinda siilemera ngati ntchito yeniyeni, ndipo kumene alemba kuti satifiketi yogwira ntchito ndi yokakamiza sindidutsabe mpaka nditakhoza. Koma kumene alemba kuti ingakhale yabwino kukhala nayo, funso lija la komaliza liti likhala ndi yankho lina.

Munaigwira komaliza liti. Funso limeneli mwana wanga wamkazi sanandifunsepo. Iye amadziwa kuti adadi ndi injiniya wa makompyuta, ndi mmene amauzira anzake kusukulu, ndipo Lamlungu pa foni anandipempha kuti ndikadzabwera ndidzamuphunzitse mmene uthenga umachokera foni ina kufika ina. Ndinamulonjeza. Sindinachoke kwathu, kusiya mkazi ndi mwana, kuti ntchito ya manja anga idzafere mu nyumba ya makatoni. Ndikufuna ndikabwerera ndibwerere ndili munthu yemweyo amene ananyamuka, wodziwa ntchito yake mpaka ya lero. Ndasankha tsiku la mayeso, miyezi inayi kuchokera pano, ndipo mayi ake a mwanayu ndawauza kale kuti mwezi umenewo zotumiza zichepa.