Akuluakulu, mpira wa pakamwa usatithyole chiuno

Ndikulankhula ndi inu a imvi anzanga amene mumasonkhana pa bawo madzulo. Kukangana za mpira si mlandu ayi. Koma khalidwe ladzali, lodzuka pampando n'kumasonyeza ndi thupi zomwe ankachita mnyamata wa zaka 25, mulisiye. Loweruka lapitali ndinadzionera ndekha kwa madala awiri amene anaweta mbuzi limodzi ali ana.

Wachipewa ndiye anayamba. "Achimwene, mwini mpira ndi Pele. Chikho cha dziko lonse katatu, 1958, 1962 ndi 1970. Choyambacho anali ndi zaka 17, msinkhu umene inu munkathawa nkhukutembo."

"Katatu kake kati?" anayankha wandodo. "Mu 1962 anavulala pa masewero achiwiri, ntchito yonse anagwira Garrincha. Wanuyo anangofika nsima itapsa kale n'kusamba m'manja."

"Nanga wanu uja?"

"Maradona mu 1986 anabereka Argentina kumbuyo ngati khanda. Napoli inali isanalaweko ligi chibadwire, iye anaipatsa kawiri, 1987 ndi 1990."

"Yemwe uja anachinya England ndi dzanja? Akanangopita ku ntchemberembaye."

Apa mpamene zinaipa. Wandodo anaponya ndodo pansi, natola chitsononkho kuti chikhale mpira. "Nanga chigoli chachiwiricho, patangotha mphindi zinayi? Anautenga ali kuchigawo chakwawo, anapita anthu asanu, womaliza goloboyi Shilton. Taonani, anachita chonchi!"

Anapita mpando woyamba bwinobwino. Anapitanso njinga ya mwini golosale. Pofuna kutembenukira kumanzere, nkhwaira inatsalira m'mbuyo, mdala uja khu! pa bawo, nkhomo mbwee bwalo lonse. Mnzake m'malo momudzutsa anangoti, "Palibe penate apa, mwagwa nokha."

Tinaseka, sindikana, mpaka tinaona kuti munthu sakudzuka. Chiuno cha munthu wa zaka 70 sichichedwa kuthyoka, ndipo chikathyoka chimagoneka munthu miyezi. Mukaona mwendo ukuoneka wofupika, phazi lagwera kunja, musamuimiritse kapena kumukweza pa kabaza. Mugonekeni momwemo, mufune galimoto. Ifeyo tinatero, ndipo mwamwayi kuchipatala anapeza kuti fupa silinathyoke.

Chondinyansa n'chakuti onse awiri masewerowo sanawaone nthawi yake. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, zinazo tinkangomva pa wailesi ndi kuwerenga m'nyuzipepala. Ndiye munthu uzivulalira chenga chimene unachita kumva ndi makutu? Adzukulu akuona, ndipo ndalama ya galimoto ija inali ya feteleza.

Dzulo ndinapita kukamuzonda. Ndinapeza wachipewa ali pamphepete pa bedi, wabweretsa nthochi, akunong'ona kuti, "Paja wanu uja mu 1994 anamuthamangitsa chifukwa cha mankhwala." Wodwalayo anayamba kufufuza ndodo, mayi a kunyumba n'kuibisa kuseri kwa chitseko.